Momwe mungakonzekerere kudziunika ndi kuunikirana pamapeto pa phunziro la kulemba

Belu latsala pang'ono kulira, mphunzitsi wayang'ana wotchi, kenako akulamula kuti, "Sinthanani makope, muchongerane." Zotsatira zake aphunzitsi tonse timazidziwa. Wina waika chichongi chachikulu tsamba lonse n'kulemba 10/10 chifukwa mwini kope ndi mnzake wodyera naye zitumbuwa pa buleki. Wina wadula mawu olondola chifukwa iyeyo amawalemba mwanjira ina. Kumbuyo uko awiri ayamba kale kukangana. Belu lalira, makope atsekedwa, ndipo palibe kalata ngakhale imodzi yomwe yakonzedwa.

Ine ndinkachita zomwezi kwa zaka zingapo, ndipo ndinkadandaula kuti ana athu sangathe kuunikirana. Kenako ndinazindikira kuti kuchongerana kumayenda bwino pa masamu ndi pa lembetso chifukwa yankho limakhala limodzi, lili pa bolodi. Kalata kapena chimangirizo chilibe yankho limodzi. Mwana amatha kuunika chinthu chokhacho chomwe angachiloze ndi chala pa tsamba, ndipo kuunikako kumapindula pokhapokha mwini kope akapatsidwa nthawi yokonza asanatuluke m'kalasi. Zonsezi zimakonzedwa dzulo lake, polemba chikonzekero cha phunziro.

Malangizowa ndawamanga pa phunziro limodzi la Chichewa m'Sitandade 7: ophunzira 84, mapiriyodi awiri otsatizana a mphindi 35, pamodzi mphindi 70. Ntchito yake ndi kulemba kalata yantchito yopita kwa mphunzitsi wamkulu, yopempha chilolezo chosabwera kusukulu masiku awiri.

## Zofunika kukhala nazo

- Chikonzekero cha phunziro, makamaka gawo la zizindikiro za kakhozedwe.
- Tchati chimodzi, kapena chikatoni chotambasula, cholembapo mfundo zoyang'ana. Zilembo zake zikule moti wokhala kumzere womaliza awerenge.
- Kalata yachitsanzo yomwe mwalemba nokha, yokhala ndi zolakwika zoika dala.
- Choko cha mitundu iwiri.
- Mapensulo, imodzi pa ana awiri alionse. Kalata ilembedwe ndi bolopeni, kuunika kuchitike ndi pensulo, kuti inu muzisiyanitsa za mwini kope ndi za mnzake.
- Wotchi kapena foni yoonerapo nthawi.
- Mndandanda wa mayina a ophunzira, woti muzichongapo makope omwe mwatenga.

## Zochita musanalowe m'kalasi

### 1. Sankhani mfundo zinayi zokha zoyang'ana

Tsegulani pa zizindikiro za kakhozedwe. Nthawi zambiri pamakhala palembedwa mawu onga akuti "ophunzira alemba kalata yantchito molondola". Mawu amenewa ndi anu aphunzitsi. Mwana wa zaka 12 sangawagwiritse ntchito, chifukwa "molondola" alibe malo pa tsamba. Ntchito yanu ndi kuwaphwanya kukhala mfundo zomwe mwana angayankhe kuti zilipo kapena palibe.

Pa kalata yathuyi, tchati changa chimakhala chotere:

1. Makeyala awiri ndi tsiku zili m'malo mwake.
2. Mutu wa kalata ulipo, ndipo ukunena chomwe ndikupempha.
3. Thunthu la kalata layankha mafunso atatu: ndikupempha chiyani, chifukwa chiyani, masiku ake ndi ati.
4. Chiganizo chilichonse chayamba ndi lembo lalikulu ndipo chatha ndi mpumiro.

Yesani mfundo iliyonse podzifunsa kuti, kodi mwana angaike chala pomwe pali umboni wake? Mfundo yakuti "kalata ndi yaulemu" imagwa pa mayeso amenewa. Ngati ulemuwo mukuufuna, ulembeni chonchi: "Muli mawu opempha, monga ndikupempha kapena chonde." Apo tsopano chala chili ndi pofikira. Chimodzimodzi "kalembedwe kabwino" ndi "nkhani yomveka", zonsezi zimangobala mikangano chifukwa aliyense ali ndi kumva kwake.

Mwa zinayizi, yamtengo wapatali ndi yachitatu. Ana ambiri amaloweza msanga malo a keyala, koma kalata yawo yonse osanena tsiku lomwe adzajombe. Mukadzaza tchati ndi za maonekedwe okhaokha, ana adzachongerana zonse n'kukhulupirira kuti akhoza, pomwe mphunzitsi wamkulu atalandira kalatayo sangadziwe choyankha. Choncho pa mfundo zanu pasalephere kukhala imodzi yokhudza uthenga weniweni.

Chenjezo: musapyole mfundo zinayi, ngakhale mtima ukukuuzani kuti malonje, mathero ndi kalembedwe ka mawu n'zofunikanso. N'zofunikadi, koma zidikire phunziro lotsatira. Mfundo zikafika 8 kapena 10, mwana amawerenga tchati nthawi yonseyo, kalata osaiwerenga.

Kalembedwe ka mawu ndimakasiya dala pa tchati. Mwana yemwe sanakhazikike pa kusiyanitsa l ndi r, kapena pa mawu olumikiza ndi olekanitsa, amawononga zolondola za mnzake. Gawo limenelo likhale lanu.

### 2. Lembani kalata yachitsanzo yolakwika pang'ono

Musatenge kalata ya mwana wa m'kalasi momwemo, ngakhale mutabisa dzina. Anzake amazindikira nkhaniyo, ndipo mwanayo sadzalembanso momasuka. Lembani yanu, yaifupi, ya mizere isanu ndi umodzi kapena isanu ndi iwiri. Ikhoze mfundo ziwiri, ilephere ziwiri. Yanga imakhala ndi makeyala ndi mutu wabwino, koma sitchula masiku, ndipo ziganizo ziwiri ndimaziphatikiza popanda mpumiro.

Chenjezo: kalata yachitsanzo ikadzaza ndi zolakwika, ana amaiseka n'kuyamba mpikisano wosaka zolakwa. Mzimu womwewo adzapita nawo pa kope la mnzawo. Ikakhalanso yabwino kotheratu, amangoikopera.

### 3. Gawani nthawi kuyambira kumapeto

Apa ndi pomwe ambiri timagwera. Timayamba ndi chiyambi cha phunziro, kufotokoza, kulemba, ndipo kuunika kumalandira zotsala, zomwe kawirikawiri ndi mphindi zitatu. Yambani ndi kupatula mphindi 20 zomaliza, kenako zina zonse zikwane m'mphindi 50 zotsalazo. Mphindi 20 zimenezo muzigawe motere m'chikonzekero chanu:

- mphindi 4, kuunika kalata yachitsanzo pamodzi
- mphindi 3, aliyense kudziunika
- mphindi 5, kusinthana makope ndi kuunikirana
- mphindi 2, awiriwo kukambirana
- mphindi 4, mwini kope kukonza
- mphindi 2, chiganizo chotsekera ndi kutolera makope

Lembani nthawi yeniyeni ya pa wotchi pambali pa gawo lililonse. Ngati phunziro likuyamba 9:00, kulemba kuthe 9:50, atsiriza asanatsirize. Yemwe walemba theka la kalata ali ndi chinthu choti chiunikidwe, ndipo mfundo zomwe sanazifikire ndi zomwe adzakonze.

Ngati muli ndi piriyodi imodzi yokha ya mphindi 35, musapanikize zonsezi. Alembe lero, adziunike m'mphindi zitatu zomaliza, ndipo kuunikirana ndi kukonza kutsegule phunziro la mawa.

### 4. Konzani awiriawiri

M'kalasi la ana 84 simungasunthe anthu. Aliyense asinthane ndi yemwe wayandikana naye pa desiki kapena pansi pomwe akhala. Kukonza kwanu ndi kwa malo ochepa okha: alekanitseni omwe ali pa ubwenzi wa ponda apa nane mpondepo, komanso omwe mukudziwa kuti sakumwerana madzi. Asintheni malo phunziro lisanayambe, osati nthawi yosinthana makope, kuti pasaoneke ngati chilango.

Anthu amakonda kuphatikiza wanzeru kwambiri ndi wovutika kwambiri. Ine njira imeneyi sindiikonda pa kulemba. Wamphamvuyo amangolemberatu kalata ya mnzake, ndipo iye sapeza thandizo lililonse chifukwa mnzakeyo amachita mantha kumuuza kanthu. Ofanana pang'ono mphamvu amathandizana bwino. Ana omwe kuwerenga kukuwavutabe, ndipo m'Sitandade 7 amakhalapo, muwaike m'magulu a atatu: mwini kalata aziwerenga yekha mokweza pang'ono, awiriwo azimvetsera ngati mafunso atatu aja ayankhidwa. Mwana wovutika kuona akhale pafupi ndi tchati, ndipo mnzake amuwerengere mfundozo.

## Zochita m'kalasi

### 5. Pachikani tchati asanayambe kulemba

Mfundo zoyang'ana zisatulukire kumapeto ngati msampha. Ziwerengeni pamodzi kulemba kusanayambe, ndipo tchaticho chikhale pomwepo mpaka belu. Auzeninso zinthu ziwiri. Choyamba, asiye mpata wa zala ziwiri kumanzere kwa tsamba ndi mizere isanu pansi pa kalata. Chachiwiri, kalatayo idzawerengedwa ndi mnzawo.

Chachiwirichi musachiiwale. Kalata yopempha kujomba imakhudza matenda, maliro ndi mavuto a pakhomo. Tsiku lina mtsikana wina m'kalasi langa anakana kwamtuwagalu kupereka kope, analikumbatira pachifuwa misozi ili lengelenge. Ndinamva pambuyo pake kuti analemba zenizeni za kunyumba kwawo, poganiza kuti wowerenga ndine ndekha. Kulakwa kunali kwanga. Chiyambire pamenepo ndimanena poyera kuti, "Ana inu, chifukwa chojombera mukhoza kungochipeka. Mnzako adzawerenga."

### 6. Unikani kalata yachitsanzo pamodzi

Nthawi ikakwana, mabolopeni onse pansi. Onetsani kalata yachitsanzo pa bolodi ndipo chitani ndendende zomwe mukufuna iwo achite, mukuyankhula mokweza. "Mfundo yoyamba, makeyala awiri. Iyi imodzi, iyi yachiwiri, tsiku ili. Ndilemba 1 pambali pake." Mukafika pa mfundo yachitatu, afunseni iwo. "Ndani abwere adzaloze pomwe akunena masiku?" Mwana abwere, asake, asowe. Kusowa kumeneko ndiye phunziro lonse, choncho musathamangire kumuuza. Kenako lembani 3 m'munsi mwa kalata ndi choko cha mtundu wina, mumuzungulize, kusonyeza kuti mfundoyi sinakwane.

Malizani polemba pa bolodi ziganizo ziwiri zomwe aliyense adzayambire polembera mnzake: "Ndapeza..." ndi "Sindinapeze..." Mawu awiriwa amachotsa chipongwe, chifukwa amanena za zomwe wowerenga waona pa tsamba, sanena za nzeru za wolemba.

### 7. Aliyense adziunike kaye

Kudziunika kumabwera patsogolo pa kuunikirana. Mwana yemwe wayamba waona yekha chomwe chikusowa salimbana ndi mnzake akamuuza chomwecho, ndipo zolakwa zapoyera amazichotsa yekha mnzake asanataye nazo nthawi.

Langizo likhale limodzi: werenga kalata yako, ika nambala ya mfundo m'mpata wa kumanzere moyang'anizana ndi pomwe pali umboni wake. Mfundo yachitatu ili ndi mafunso atatu, choncho 3 aoneke katatu. Nambala yomwe yasowa malo ilembedwe pansi n'kuzungulizidwa.

Pa mfundo yachinayi, ya mpumiro, maso okha sakwanira. Auzeni awerenge monong'ona, ndipo asapume mpaka atafika pa mpumiro. Mpweya ukawathera asanaupeze, aike kadontho ka pensulo pamenepo. M'kalasi mumamveka kaphokoso ngati ka njuchi, ndipo kaphokoso kameneko ndi umboni wakuti ntchito ikuchitika.

Chenjezo: musafunse kuti "Ndani wakhoza zonse?" kapena kuwauza akweze chala chachikulu. Manja onse amakwera, chifukwa palibe mwana yemwe amafuna kudzionetsa wolephera pamaso pa anzake 83. Mmalo mwake yendani pakati pa mizere mukuyang'ana m'mphepete mwa masamba. Mukaona kope lomwe manambala onse andandalikidwa pamwamba, 1, 2, 3, 4, mwiniwake sanawerenge. Imani, muloze 3, mufunse kuti, "Tandionetsa masiku ali pati?"

### 8. Asinthane makope

Wowerenga asafufute kapena kudula chilichonse. Ntchito yake ndi kutsatira manambala a mwini kope. Akagwirizana ndi nambala, aike kachongi kakang'ono pambali pake. Akapanda kuona umboni, aike mfunsiro. Akatha, alembe pansi ziganizo ziwiri zija, chimodzi choyamba ndi "Ndapeza", china ndi "Sindinapeze", kenako dzina lake. Dzinalo limathandiza kwambiri. Munthu akadziwa kuti aphunzitsi adzaona yemwe analemba, salemba zachibwana.

Malikisi asaperekedwe. Nambala ikangolembedwa pa kope, mwana amayang'ana nambalayo basi, ziganizo ziwiri zija saziwerenga, ndipo mphindi zokambirana zimathera pa kupempha kuti amuwonjezere.

Zikatha mphindi zisanu, makope abwerere kwa eni ake ndipo awiriwo akambirane, mphindi imodzi kope ili, mphindi imodzi kope linalo. Mwini kope ali ndi ufulu wokana zomwe wauzidwa, koma akane polozera pa tsamba. Akalephera kugwirizana, ajambule kanyenyezi pamwamba pa tsamba. Makope a kanyenyezi ndi omwe mudzayambire kuona.

### 9. Mwini kope akonze pomwepo

Mphindi zinayi izi ndi zomwe zina zonse zimatumikira. Zikadyedwa, mwangosinthanitsa makope pachabe. Mwana asankhe mfundo imodzi yomwe yazungulizidwa kapena yaikidwa mfunsiro, aikonze ndi bolopeni m'mizere yomwe anasiya pansi. Asakopere kalata yonse. Kukopera kumatenga mphindi khumi ndi kuposa, ndipo ambiri amakopera ndi zolakwa zomwe.

Yemwe mfundo zake zonse zakwana asakhale manja lende. Awonjezere chiganizo chimodzi chonena momwe adzapezere ntchito yomwe anzake aphunzire iye kulibe.

### 10. Tsekani ndi chiganizo chimodzi, tolerani makope 12

Aliyense amalize chiganizo ichi pansi penipeni: "Ndikamadzalembanso kalata, ndidzayamba ndaona..." Mukamadzaphunzitsanso kulemba, kope litsegulidwe pa tsamba limeneli asanayambe. Mukapanda kubwererako, ana amazindikira msanga kuti chiganizocho n'chongokwaniritsa mwambo, ndipo onse amayamba kulemba zakuti adzalimbikira.

Kuchonga makope 84, lililonse mphindi zitatu, ndi mphindi 252, maola anayi ndi mphindi 12. Ndi ochepa omwe angakwanitse zimenezi pa ntchito iliyonse yolemba. Tengani 12 okha: a kanyenyezi poyamba, otsalawo musankhe kuchokera kutsogolo, pakati ndi kumbuyo. Chongani mayina awo pa mndandanda. Pakutha pa maphunziro asanu ndi awiri, kope la aliyense lidzakhala litadutsa m'manja mwanu.

Powerenga makope 12 aja, muyang'ane zinthu ziwiri: kalata yeniyeniyo, ndi kuunika komwe yalandira. Ngati pa makope ambiri wowerenga wachonga mfundo yomwe inu mukuona kuti palibe, mfundo imeneyo sinamveke. Iphunzitseninso, kapena muilembe mwanjira ina pa tchati.

## Kope limodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Mnyamata wina analemba makeyala ndi tsiku bwinobwino. Mutu wake unali wakuti KUJOMBA KUSUKULU. Thunthu linali lotere:

"Ndalemba kalatayi kuti ndikudziwitseni kuti sindibwera kusukulu. agogo anga akudwala kwambiri ndiye amayi akuti ndiwaperekeze kuchipatala ndikabwerako ndidzakopera notsi kwa anzanga zikomo"

Podziunika anaika 1 pa makeyala ndi 2 pa mutu. Anaika 3 pa chiganizo choyamba ndi 3 wina pa nkhani ya agogo. Wachitatu anamusowa, ndipo anamulemba pansi n'kumuzunguliza. Pa mfundo yachinayi anaika kadontho pambuyo pa "kuchipatala", pomwe mpweya unamuthera. Choncho mnzake asanagwire kope, iye anali atadziwa kale kuti masiku sanatchule.

Mtsikana yemwe anawerenga anachonga 1. Pa 2 anaika mfunsiro, ndipo pa 3 woyamba anaikanso mfunsiro. Pansi analemba kuti: "Ndapeza chifukwa chake, agogo akudwala. Sindinapeze pomwe ukupempha."

Pokambirana, mnyamatayo sanavomere msanga.

"Ndapempha, si apa ndalemba kuti sindibwera?"

"Apo ukungowauza. Ahedi anena kuti chiyani, poti wanena kale kuti subwera?"

Anakhala chete kanthawi, kenako anatenga bolopeni. Pansi pa kalata analemba kuti: "Ndikupempha kuti mundilole kusabwera kusukulu Lachinayi pa 12 ndi Lachisanu pa 13 Juni." Chiganizo chimodzicho chinatseka mipata iwiri, pempho ndi masiku. Mutu sanaukonze, nthawi inatha, ndipo lembo laling'ono pa "agogo" onse awiri sanalione. Zimenezo ndinazipeza ine madzulo, ndipo ndinalemba pambali pa mutu kuti ayambe ndi mawu akuti PEMPHO.

Kusiyana kwa kudziwitsa ndi kupempha ndikanakuona ndekha pochonga, koma ndikanangolemba "pempha" ndi inki yofiira, kope n'kubwerera patatha masiku atatu mwana ataiwala zomwe ankaganiza polemba. Funso la mtsikana uja, lakuti ahedi anena kuti chiyani, linamufika kalata ikadali yotentha. Phunziro lotsatira ndinaliyamba ndi funso lomwelo kwa kalasi lonse, chifukwa pa makope 12 omwe ndinatenga, angapo anali ndi vuto lomweli.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kuyamba zonse tsiku limodzi. Kalasi lomwe silinazolowere silingachite masitepe onsewa m'mphindi 20. Sabata ziwiri zoyamba muzichita kuunika kalata yachitsanzo ndi kudziunika kokha, ndi mfundo ziwiri. Kusinthana makope kubwere ana atazolowera kuika nambala pa umboni.

Kulowetsa zomwe ana apezana m'buku la malikisi. Akangodziwa kuti zikulembedwa, amayamba kukomerana mtima kapena kubwezerana. Malikisi a m'buku achokere pa kuchonga kwanu.

Kulandira ndemanga zopanda kanthu. "Wachita bwino", "ulimbikire", "walemba zonyasa". Ana amatengera mawu amenewa kwa ife aphunzitsi, chifukwa ndi omwe timalemba m'makope mwawo tikatopa. Mukaona yotere, m'bwezereni wolembayo pensulo ndi funso limodzi: wapeza chiyani, pa mzere uti? Ndemanga yonyoza ifufutidwe pomwepo ndi yemwe wailemba, ndipo muyankhule naye payekha.

Kugwiritsa ntchito tchati chimodzi teremu yonse. Mfundo yomwe pafupifupi onse akuikhoza ichoke, ilowe ina. Makeyala akakhazikika, malo awo atengedwe ndi malonje ndi mathero. Mukasamukira ku chimangirizo, mfundo zisinthiretu: chiyambi chikutchula mutu, ndime iliyonse ili ndi mfundo imodzi, zochitika zatsatana ndi mawu monga kenako ndi pambuyo pake. Ana a Sitandade 8 omwe akukonzekera mayeso a Maneb muziwachotsera tchati nthawi zina, alembe mfundozo kuchokera m'mutu pamwamba pa tsamba asanayambe, chifukwa m'chipinda cha mayeso simukhala tchati kapena mnzawo wowawerengera.

Kukhala pa tebulo nthawi younikirana. Mphindi zisanu zimenezo zimaoneka ngati mpata wolemba rejisitala. Ndi nthawi yomwe mungamve zomwe ana akuganiza. Sankhani mizere iwiri lero, ina iwiri ulendo wotsatira, muimirire pafupi, mumvetsere. Mukamva wina akusocheretsa mnzake, konzani pomwepo ndi mawu apansipansi.

Kusafotokozera makolo ndi akuluakulu. Kholo likatsegula kope n'kupeza pensulo ya mwana wina popanda inki yofiira, limaganiza kuti aphunzitsi asiya kuchonga. Mlangizi wa sukulu za m'zoni akabwera akhozanso kufunsa. Lembani masitepe a kuunika m'chikonzekero cha phunziro ndi mphindi zake, sungani mndandanda wa makope omwe mwatenga, ndipo pa msonkhano wa makolo muwaonetse kope limodzi lokhala ndi manambala m'mphepete, ziganizo ziwiri za mnzake, chiganizo chokonzedwa, ndi siginecha yanu pansi pake.